Kalata Yopanda Moni

Lachisanu limenelo linali tsiku langa lomaliza pantchito ndisanapite kokachira. Mimba inali itafika poti mpando wa mu ofesi ndinkaukhala cham'mbali, ndipo kuchipatala anali atandiuza kale kuti mwana wagona mopingasa, adzamutulutsa pa opaleshoni Lolemba m'mawa. Ndinkayesa kuti nkhawa ya tsikulo ikhala yomweyo, yomukwana munthu mmodzi. Koma amuna a pantchito atangobwerako ku mapemphero a Juma, mu kompyuta munalowa imelo yochokera ku kampani imene timaodako katundu, ndipo nditaitsegula za mwana zija ndinayamba ndaziiwala.

Holoselo yathu ili ku Jeppestown, pakati pa galaja ndi shopu ya anyamata owotcherera mageti. Timagulitsa mpunga, shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zina zotero kwa eni timashopu ta ku Soweto ndi ta m'tauni momwemo. Katundu wambiri timaoda ku kampani imodzi, ndipo kampaniyo imatumiza mndandanda wa mitengo Lolemba lililonse m'mawa, poti mitengo ya ku Joni sikhala malo amodzi sabata ziwiri. Chiyambire mndandandawo unali ndi makolamu atatu basi: nambala ya katundu, dzina lake, ndi mtengo wa katoni msonkho wa VAT uli momwemo. Tsopano imelo ija inkati kuyambira Lolemba mndandanda uzibwera mwatsopano, ndipo anatumiza chitsanzo chake. Makolamu anali asanu ndi awiri.

Kusinthako pakokha kunalibe vuto, mwinanso kunali kwanzeru. Chimene chinandiimitsa mutu ndi a Suwedi.

A Suwedi ndi amene amaika mitengo pa katundu wathu ndi kulemba makotesheni a anthu ogula zambiri. Ndi bambo wa imvi, wa ku Ntaja, mnzawo wa malemu bambo anga. Tsiku limene ndinatsika basi ku Park Station ndi chikwama chimodzi, amene anandichingamira anali iwo. Ndinagona kwawo miyezi ingapo, akazi awo a Mwanahalima akundiphunzitsa kukwera matekisi, ndipo ntchitoyi anandipemphera ndi iwo omwe. Pa ukwati wanga ndi Hamid anakhala pa malo a bambo anga. Ndikamati abambo sindinena mwamwambo chabe.

Ntchito yawo amaigwira mofanana zaka zonsezi. Amayala pepala pa tebulo, n'kuika lula yachitsulo pansi pa dzina la katundu, chala n'kutsetsereka mpaka kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja. Nambala imene chalacho chaimapo amaiwonjezera phindu lathu, randi imodzi pa marandi khumi alionse, basi mtengo wapezeka. Mitu ya pamwamba pa makolamu sanaiwerengepo, ndipo panalibe chifukwa choiwerengera. Ndani amaima kuwerenga dzina la msewu wa kwawo?

Ndinayang'ana kolamu yomaliza ya pepala latsopanolo. Unali mtengo wotsitsa, wa munthu amene watenga makatoni makumi asanu kapena kuposa a chinthu chimodzi, komanso wopanda VAT. Ndinayesa ndi shuga. Belo limene kampani idzatilipiritse R460 pamodzi ndi msonkho, kolamu yomaliza inkalionetsa R380. Chala cha a Suwedi chikanaima pamenepo, iwo n'kuwonjezera phindu mwaulemu wake, n'kulemba R418. Tikanagulitsa shuga motchipa kuposa mmene tamugulira, tikumwetulira.

Ndipo Lolemba limenelo silinali Lolemba wamba. Komiti ya mzikiti wina wa ku Mayfair inkafuna kotesheni ya maphukusi mazana awiri a chakudya ogawa pa Ramadan, pa mitengo ya Lolembalo, isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Kotesheni ikasainidwa sibwezedwa. Ngati walakwitsa, umaluma mano n'kupereka katunduyo.

Mwini shopu tsopano ndi a Anwar, amene analowa m'malo mwa bambo awo. Si munthu woipa, koma ali ndi mphwawo amene anamaliza sukulu ndipo akungokhala, ndiye maso awo amagwera pa tebulo la a Suwedi kawirikawiri. Mwezi wathawo a Suwedi anaika mtengo wa mafuta pogwiritsa ntchito pepala la sabata yakale limene linatsalira pa tebulo. A Anwar anawauza m'Chingerezi, ife tonse tikumva, kuti madala, zikachitikanso mupita mukapume. Munthu wa zaka zimenezo akachotsedwa ntchito ku Joni sapezanso ina, kupatula yonyamula matumba, ndipo msana wawo unatha kalekale.

Kuwauza a Suwedi pamaso sikukanatheka. M'mawa wa tsikulo anali atanyamuka kupita ku famu ina ku Limpopo, kumene mnyamata wa kwawo anamwalira. A Suwedi ndi amene amasambitsa maliro a anthu akwathu kuno, ndipo akaitanidwa safunsa kutalika kwa njira. Ndinawaimbira foni, koma sinkalowa. Kuwauza a Anwar kuti ayang'anire kunali ngati kuwapatsa mpeni m'manja. Chotsala chinali kulemba kakalata n'kukasiya pa tebulo, kuti Lolemba, ine ndili chigonere pansi pa magetsi a madokotala, kadzayankhule m'malo mwanga.

Apa ndiye panali ntchito. Kwathu mwana saphunzitsa wamkulu. Ukafuna kumuuza kanthu umayambira kutali, umafunsa ngati wosadziwa, mpaka nzeruyo ituluke mkamwa mwake ngati yake. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawauzepo a Suwedi kuti chitani chakuti. Ndinatenga pepala, ndipo dzanja linalemba mmene linaleredwera.

Ndinayamba ndi salamu yonse. Ndinafunsa za ulendo, ndinapepesa za maliro, ndinafunsa za miyendo ya amayi, a Mwanahalima. Ndinathokoza chifukwa cha zonse anandichitira chibwerere ku Joni. Kenako ndinati mwina abambo aona kale kuti anzathu a ku kampani asinthako pang'ono pepala lawo, ndipo ine poti ndine mwana zinandisokoneza, makamaka cha kumapetoko, kaya iwo aziona bwanji. Ndinatchula makolamu onse m'chiganizo chimodzi chachitali, n'kutsiriza ndi kupempha mapemphero. Nditawerenga ndinaona kuti ndi kalata yabwino, yoti amayi anga akanainyadira.

Komabe mtima sunakhale pansi. Ndinaitana Nester, amene amakhala pa tilo polandira ndalama. Nester anabadwira pa famu ina ku Zimbabwe, agogo ake anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chake ndi cha kumafamu, chosavala nsapato. Ndinamupatsa kalatayo pamodzi ndi chitsanzo cha mndandanda.

"Tayerekeza kuti ndiwe a Suwedi," ndinatero. "Wafika Lolemba, wapeza izi. Undiuze mtengo wa belo la shuga."

Anawerenga milomo ikugwedera, n'kutembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina.

"Miyendo ya amayi ndaimva," anatero. "Manje shuga ali pati?"

"Werenga bwino, ndalemba."

"Walemba kuti wasokonezeka ndiwe. Ine madala ndiwerenga apa, nditi shem, mwana wasokonezeka ndi mimba, ndidzamufotokozera akabwera. Ndiye nditenga lula yanga." Anatenga lula ija pa tebulo, n'kuigoneka pansi pa shuga, chala n'kutsetsereka mpaka kumapeto. "Three eighty. Sharp."

Mwana anandimenya chidendene m'nthiti nthawi yomweyo. Ndinakhala pansi bwinobwino.

"Nanga iweyo sungawauze Lolemba?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Lolemba ndi off yanga, sisi, ndili ndi mwana ku kiliniki. Komanso madala angamve za ine? Amati ndimayankhula ngati kondakitala." Anandiponyera kalatayo pamiyendo. "Iwe ukuopa kuti akwiya. Akwiye ali pantchito kapena akukonde ali panyumba, sankha."

Anabwerera ku tilo, kundisiya ndikumutukwana chamumtima chifukwa ankanena zoona. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma onena mwambiwo sananene kuti khutulo likakhala la bambo ako ulitsine bwanji.

Ndinayesa kachiwiri, moni ndinaufupikitsa, koma mawu oti mwina ndi kapena ankangomera okha ngati bonongwe. Ndinang'amba. Dzuwa linali litapendeka, anyamata akulowetsa matumba amene anali panja. Ndinaganiza za mmene a Suwedi adzafikire Lolemba, otopa ndi basi, komiti ikuimba foni, a Anwar ataima kumbuyo kwawo. Munthu wotero amawerenga mzere woyamba, mwina wachiwiri. Choncho chofunika kwambiri chinayenera kukhala pamwamba penipeni, pamalo pa salamu. Ndinatenga kakhadi koyera kamene timalembapo mitengo, koti nkhani yaitali singakwanepo, ndipo ndinalemba ndi zilembo zazikulu.

*Abambo, MUSATENGE MTENGO MU KOLAMU YOMALIZA. Kampani yasintha mndandanda kuyambira lero.*

*Katundu sakutsatanso afabeti. Amuika m'magulu: zakudya poyamba, kenako zakumwa, kenako sopo ndi zotsukira. Saizi iliyonse ili ndi mzere wake.*

*Makolamu kuchokera kumanzere:*
*1. Nambala ya katundu. Sinasinthe.*
*2. Dzina ndi saizi.*
*3. Kuchuluka kwa zinthu mu katoni kapena belo limodzi.*
*4. Chilembo cha msonkho. S ndiye kuti pali VAT. Z ndiye kuti palibe, monga mpunga, ufa wa chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira.*
*5. Mtengo wa katoni, wopanda VAT. WATHU NDI UWU.*
*6. Mtengo wa chinthu chimodzi, wopanda VAT. Ndi kolamu 5 yogawa ndi kolamu 3.*
*7. Mtengo wotsitsa wa otenga makatoni 50 kapena kuposa a chinthu chimodzi, wopanda VAT. Oda ya komiti sikufika pamenepo.*

*Pindani pepala kuti 6 ndi 7 zibisike kuseri. Tengani 5. Ngati ndi S wonjezerani 15 pa 100, ngati ndi Z musawonjezere. Kenako phindu lathu monga mwa masiku onse. Chitsanzo, shuga 2kg, khumi m'belo, S: 400 ndi VAT 460, ndi phindu 506, paketi imodzi 50.60. Mitengo ya lero ikhoza kusiyana ndi iyi.*

*Zakia.*

Nditamaliza ndinaiwerenga ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Musatenge, pindani, tengani, wonjezerani. Inkamveka ngati kapitawo akulamula aganyu. Koma nditamupatsa Nester n'kumufunsa mtengo wa mpunga, anapinda pepala, anaona Z, sanawonjezere msonkho, ndipo anapeza nambala yoona. Zimenezo zinali zofunikanso, chifukwa kuika VAT pa mpunga kukanakweza kotesheni yathu, komiti n'kupita kwa anzathu a tsidya la msewu.

Ndinaganiza zolemba moni kuseri kwa khadi. Ndinali nditangolitembenuza pamene a Anwar analowa makiyi akulira m'manja.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa m'Chingerezi.

"Kakalata ka a Suwedi. Ndikuwatsanzika."

Anakayang'ana, koma Chichewa sachidziwa. Maso awo anaima pa manambala.

"Waona mndandanda watsopano uja? Madala akwanitsa, kapena ndimuitane mphwanga adzathandize Lolemba?"

"Akwanitsa," ndinatero, ndipo liwu langa linatuluka lolimba kuposa mwini wake. "Ndi zomwe zija, angowonjeza makolamu."

Anaima pakhomo kundidikira, chala chili pa alamu. Sindikanakhala pansi n'kuyamba kulemba za miyendo ya amayi iwo akuyang'ana. Ndinaika khadi pa tebulo la a Suwedi, pamwamba pake ndinatsamiritsa lula, chinthu choyamba chimene dzanja lawo limafuna m'mawa. Geti lachitsulo linatsika kumbuyo kwanga, kalata yopanda moni itatsekeredwa mkati.

Loweruka tinapita ku Midrand kwa alamu anga, amene anali oti andisamale ndikatuluka m'chipatala. Ndinamufotokozera Hamid zimene ndinalemba. Anasiya kupinda matewera n'kundiyang'ana.

"Unawalembera a Suwedi kuti musatenge?"

"Eya."

"Ndi zilembo zazikulu?"

"Eya."

"Salamu unaika?"

Ndinapukusa mutu. Iye anangoti eish, n'kupitiriza kupinda, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Lamulungu ndisanalowe m'chipatala ndinaimbanso foni kuti mwina ndikonze ndi pakamwa. Ya a Suwedi inali yozima. A Mwanahalima anati basi yawo yafera m'njira, afika mochedwa. Ndinafuna kuwatuma mawu, koma ndikanati chiyani? Akawauze amuna awo kuti mwana wawo wawachita chipongwe pa tebulo, koma asadandaule? Ndinangopempha mapemphero.

Lolemba m'mawa anandikankha pa kabedi kupita ku opaleshoni. Akazi ena pamenepo amaganiza za imfa, ena za dzina la mwana. Ine ndinkayang'ana matailosi a kudenga, ali m'mizere yotsika, n'kumawerenga kuti iyi ndi yachisanu, iyo yomaliza. Ndinkaona pepala likutuluka mu pulinta, ndinkaona khadi langa litagwera pansi pa tebulo, woyeretsa n'kulisesa. Ndinkaona a Suwedi akuliwerenga mzere woyamba, nkhope ikuuma, n'kuliponya mu bini. Namwino anandifunsa ngati ndikuopa ndipo ndinati inde, osamuuza kuti ndikuopa chiyani.

Mwana anabadwa wamkazi, wamphumphu, wa mawu ngati a Nester. Ndinalira ndi chimwemwe, ndipo kwa tsiku limodzi dziko lonse linali iyeyo. Koma Lachiwiri, ululu wa bala utayamba kundidzutsa, ndinapempha foni yanga. Mauthenga anali ambiri, a ku Mangochi, a ku Cape Town, a anthu amene sindinkawakumbuka n'komwe. Wa a Suwedi panalibe. Munthu amene amayenda mtunda wonse uja kukasambitsa mwana wa eni sanatumize ngakhale liwu limodzi kwa ine.

Ndinamuimbira Nester.

"Kotesheni inapita," anatero. "Komiti inavomera same day, sisi. Akuti sanadikire n'komwe ya anthu ena."

Komiti ya mzikiti sivomera chinthu tsiku lomwelo. Anthu amenewo amakambirana mtengo wa machesi mpaka tiyi atazizira. Ngati analumphira kotesheni yathu, ndiye kuti inali yotchipa mokayikitsa.

"Unaiona?"

"A Anwar anaitsekera mu kabati. Katundu abwera Lachinayi ndi invoisi ya kampani, tidzaonera pamenepo."

"Nanga abambo akuti chiyani?"

"Madala sakuyankhula ndi munthu. Ndinawauza kuti wabereka mtsikana, anangoti Alhamdulillah, osadzutsa mutu."

Masiku otsatirawo ndinayamwitsa, ndinaphunzira kuyenda chowerama, ndinatuluka m'chipatala. Alamu anga ankati nkhope yanga ikuoneka ngati ya munthu amene wataya mwana, osati amene wamupeza. Ndinkaona njira ziwiri zokha. Mwina a Suwedi anakwiya n'kutaya khadi, ndiye ntchito yawathera. Mwina analitsatira, ntchito ilipo, koma ine bambo ndilibenso. Ndinkasinthasintha kuti choopsa kwambiri n'chiti, ngati munthu wosowa mbali yogonera.

Lachinayi dzuwa litapendeka ndinamva mawu a Hamid panja akulonjera mwaulemu wopitirira, ndipo ndinadziwa. Analowa a Mwanahalima poyamba ndi poto wokulunga m'nsalu, n'kupita molunjika kwa mwana. Pambuyo pawo a Suwedi, mkanjo wotuwa, kofia, fumbi la tekisi ku nsapato. Anakhala pa mpando umene Hamid anawaikira pafupi ndi khomo. Anamunyamula mwana, anamupempherera chapansipansi, n'kumubwezera kwa akazi awo. Ine sanandiyang'ane.

Kenako anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa khadi lija. Linali litada m'mphepete ndi zala.

"Mayi Zakia," anatero. Chibadwire anali asananditchulepo choncho. "Kalata yanu ndinaipeza."

"Abambo, ine…"

"Ndinaiwerenga kufuna salamu. Pamwamba panalibe. Ndinati mwina ili pansi. Ndinatembenuza kuseri, koyera." Analitembenuza kutionetsa tonse, ngati umboni pabwalo. "Ndachokera koika munthu m'manda, sindinagone, ndipo mwana amene ndinamutenga ku Park Station akulira akundilandira ndi musatenge."

A Mwanahalima ankagwedeza mwana maso ali pansi. Hamid anapeza chochita ndi chingwe cha ketulo. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo kulira ndi bala la opaleshoni kumapweteka kawiri.

"Ndinakwiya," anapitiriza. "Ndinaiwerenganso kuti ndione pena pamene mwanditukwana. Ndinaiwerenga kachitatu kuti ndipeze pamene mwalakwitsa, ndidzakuonetseni. Sindinapapeze. Ndiye ndinati zopinda mapepala ndi za ana a sukulu, ine ndamva, ndichita ndekha. Ndinaika lula pa shuga."

Anaima kaye n'kuyang'ana chala chawo cha mkombaphala, ngati ndi cha munthu wina.

"Ichi," anatero. "Ndawerenga katatu, mutu ukudziwa, koma ichi chinapita chokha kumapeto. Ndinalemba nambala yake pa kotesheni, ndinalembanso ya tiyi, ndinalemba ya sopo. Ndikudzutsa mutu kuti nditenge kakyuleta, zilembo zanu zazikulu zija zikundiyang'ana. Zikanakhala zazing'ono, zobisala pakati pa moni, sindikanaziona." Anapuma mozama. "Ndinafufuta. Ndinapinda pepala monga ndinalamulidwa."



"Invoisi yabwera lero masana," anapitiriza a Suwedi. "Anwar anaiika pambali pa kotesheni, anatsika nayo mzere ndi mzere, kawiri. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna tiyi."

"Nanga komiti inavomera msanga bwanji?" Funsolo linangotuluka lokha.

"Tcheyamani wawo amanyamuka kupita ku Makka ku Umrah madzulo ake. Analibe nthawi yokangana."

Ndinaseka ndikulira, dzanja lili pa bala. Masiku onse aja ndinadwala ndi ulendo wa munthu amene sindimudziwa n'komwe. Koma a Suwedi sanaseke. Analipinda khadi lija n'kulibwezera m'thumba, osati kwa ine.

"Bambo ako akanakhala moyo akanakukalipira chifukwa cha kalata iyi," anatero, ndipo ndinamva kuti mayi Zakia uja wachoka, wabwerera iwe wa masiku onse. "Ine ndikanakhala chete mpaka amalize, poti akanakhala akunena zoona. Kenako ndikanawauza kuti amusiye mwanayo."

Anakonza kofia, n'kuika manja pa mawondo, n'kundiyang'ana koyamba chilowere m'nyumbamo. Maso awo anali ofiira, kaya ndi fumbi la m'njira.

"Ndakwera matekisi awiri, Zakia. Ndabwera kudzatenga moni wanga."

Ndinadzikoka pa pilo mpaka ndinakhala tsonga, ngakhale alamu anga ankandiletsa. Ndinafunda mpango bwinobwino. Ndinayamba ndi salamu yonse, ndipo anayankha yonse. Ndinafunsa za ulendo wa ku Limpopo, anandiuza za basi imene inafera pakati pa tchire. Ndinapepesa za maliro, anandiuza dzina la mnyamatayo ndi la mudzi wa amayi ake. Ndinafunsa za miyendo ya amayi, amayiwo ali pomwepo ndi mwana wanga m'manja, ndipo a Suwedi anayankha mosafulumira, mwendo wamanzere payokha, wamanja payokha. Tiyi amene Hamid anawathirira anazizira pa mpando, ndipo palibe amene anatidula.